Achemwali a ku Lille, mtengo wa chikwama musaubise

"Achemwali, ndili ku Lille kuno ku Falansa. Ine ndi mayi anga timasoka zikwama ndi maepuloni a chitenje kunyumba. Ndinalemba pa Instagram kuti «Créations artisanales, prix en MP». Anthu akukonda zithunzi koma palibe wagula, ndiye wina wandilembera kuti mawu oti artisanales ndilibe nawo ufulu. Kodi Chifalansa changa ndi chomwe chikuthamangitsa anthu? Ndilembe bwanji?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko misozi inali italengeza, chifukwa mawu amene mwalembawo ndi omwewo amene ndinalemba ine chaka choyamba chomwe tinayamba kusoka ndi apongozi anga kuno kufupi ndi Lyon. Chifalansa chanu chilibe mlandu. Ndikunena izi poyamba chifukwa ndikudziwa ulusi umene umalowa mumtima wa munthu wobwera: chilichonse chikavuta, umayamba kukayikira lilime lako.

Kwathu kuno ntchito timagawana chonchi. Apongozi aakazi amadula ndi kusoka maepuloni a nsalu yolimba ija amati lin, ine ndimasoka matumba ndi zingwe za chitenje n'kulumikiza, bambo akunyumba amajambula zithunzi ndi kumanga katundu wopita ku positi. Titamaliza maepuloni khumi oyamba, ine ndi amene ndinapatsidwa ntchito yolengeza. Ndinakhala usiku wonse ndi dikishonale, kufunafuna mawu okoma. Ndinalemba za chikondi, za mitundu ya Afirika, za manja a agogo, ndipo kumapeto ndinaika prix en MP, kutanthauza kuti wofuna mtengo andilembere kuseri. Sabata ziwiri zinatha. Timitima tinabwera tambiri, koma amene anafunsa mtengo anali awiri okha, ndipo nditawauza onse anangoti merci n'kuzimirira.

Ndinkabisa mtengo chifukwa ndinakulira ku Limbe. Kumsika kwathu mtengo ndi nkhani yokambirana. Wogulitsa amayang'ana kaye nsapato zako, amatchula wake, iwe umatchula wako, mumakumana pakati, mwinanso akuikira basera. Kutchuliratu mtengo kunkandimveka ngati kudzimanga manja. Panalinso mantha ena omwe sindinkawavomereza: ndinkaopa kuti anthu akaona 38 € pa epuloni adzaseka, ndiye kunali bwino mtengowo ndiziunong'oneza kwa mmodzimmodzi.

Apongozi ndi amene ananditsegula maso. Tikusita tsiku lina anandifunsa kuti, mwana wanga, unaonapo malo ogulitsa buledi kuno opanda mitengo pa galasi? Anati Mfalansa akafunsa mtengo kuseri amamva ngati walowa kale m'sitolo ndipo wagwira katundu, moti kubwerera osagula kumamuchititsa manyazi. Ndiye pofuna kupewa manyaziwo, safunsa n'komwe. Amangosiya kamtima n'kupitirira. Ena amaganizanso kuti wobisa mtengo amasintha malinga ndi nkhope ya wofunsa, ndipo zimenezi kuno zimaonedwa ngati chinyengo, osati luso la malonda. Lamulo lawo loteteza ogula, Code de la consommation, limafunanso kuti munthu audziwe mtengo wonse, misonkho ili momwemo, pamodzi ndi ndalama yotumizira, asanavomere kugula. Lero ndimanena mosaopa kuti prix en MP ndi mawu oipitsitsa amene banja losoka lingalembe pansi pa chithunzi. Amene amakulangizani kuti amakopa anthu kuti akulembereni sanagulitsepo epuloni kwa mayi wa ku Lille.

Tsono za munthu amene wakulemberani uja. Mwina anayankhula mwaukali, koma sananame. Kuno mawu oti artisan ndi ena ochokera pamenepo, monga artisanal, sali ngati mawu athu oti mmisiri omwe aliyense wodziwa ntchito angadzitchule. Ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo la pa 5 Julaye 1996, lomwe tsopano lili mu Code de l'artisanat. Kuti muwagwiritse ntchito polengeza malonda, bizinesi yanu iyenera kukhala yolembetsedwa, ndipo inu mukhale ndi satifiketi ya ntchitoyo, monga CAP, kapena mukhale mutaigwira ntchitoyo zaka 3. Wowagwiritsa ntchito popanda zimenezi atha kulipitsidwa mpaka 7 500 €. Ine sindinkadziwa. Anandiuza ndi bambo wina woumba mbiya amene tinayandikana matebulo pamsika wa Khirisimasi, ndipo anandiuza mwaulemu, akuloza kachikwangwani kanga. Ndinakachotsa pomwepo manja akunjenjemera. Ofesi yoti mukafunse za inu ndi Chambre de métiers et de l'artisanat ya dera lanu. Ndipo ngati mukugulitsa kawirikawiri, osati kamodzi pachaka, lembetsani bizinesi mulandire nambala ya SIRET. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 kulembetsako kumachitikira pamalo amodzi a pa intaneti oyendetsedwa ndi bungwe la boma lotchedwa INPI.

Musadandaule kuti mwalandidwa mawu, chifukwa amene amagulitsa katundu si artisanal. Ndi fait main, kutanthauza chopangidwa ndi manja, ndipo amenewa mutha kuwalemba bola zili zoona. Koma samalani ndi m'bale wake, cousu main. Ameneyu amatanthauza chosokedwa ndi singano ya pamanja. Ngati mayi amapalasa makina, monga timachitira tonsefe, lembani cousu dans notre atelier, chosokedwa m'chipinda chathu chosokera. Ogula a kuno amatembenuza chikwama kunja n'kuyang'ana msoko, ndipo msoko wa makina sumabisika.

Pamsika womwe uja ndi pomwe ndinaphunzira chinthu china chimene chimandipwetekabe. Mayi wina wachikulire anatenga epuloni, naisisita, n'kundifunsa kuti nsaluyi yachokera kuti. Ndinayankha monyadira kuti ku Afirika. Iye anatambasula chidutswa chimene ndinayala patebulo n'kundionetsa zolembedwa m'mphepete mwake. Chitenjecho ndinachiguladi ku Limbe, koma chinadindidwa ku Asia. Sanandinyoze, anagulabe, koma ndinabwerera kunyumba mtima uli zii. Afalansa ambiri okonda nsalu imeneyi, yomwe iwo amaitcha wax kapena pagne, amadziwa bwino kuti ina imadindidwa ku Helmond ku Holande, ina ku China ndi ku India, ina ku Afirika komweko. Kuchokera tsiku limenelo ndimawerenga m'mphepete mwa chitenje ndisanadule, ndipo ndikalemba ndimanena chimene ndikudziwa: kuti ndinachisankha pamsika wa ku Malawi. Mawu oti tissu africain authentique ndinawasiya, ndipo ndikaona anzathu akuwalemba pa nsalu yomwe sanaifufuze mtima umandiwawa, chifukwa wogula mmodzi akazindikira, amakayikira tonse.

Pomwepa ndinenenso za ausiwa. Nthawi ina ndinalemba kuti kugula epuloni kukuthandiza banja lathu kumudzi. Apongozi anandipempha kuti ndifufute, ndipo anachita bwino. Munthu wogula mwachifundo amagula kamodzi, ndipo sauza mnzake. Wogula chifukwa zingwe n'zolimba ndipo thumba limalowa foni amabweranso. Mayi anu ndi telala. Alembeni ngati telala.

Nanga mulembe chiyani

Tengani chinthu chimodzi pa chilengezo chimodzi, osati tebulo lonse. Chithunzi choyamba chikhale cha chikwama chili paphewa pa munthu kuti kukula kuoneke, chachiwiri cha mkati, chachitatu cha manja a mayi pa makina. Pansi pake ine ndikanalemba motere, inu musinthe miyeso ndi mitengo kuti ikhale yanu:

```
Sac cabas en wax, fait main à Lille par ma mère et moi.
100 % coton, doublé, poche intérieure. 40 x 35 cm.
Pièce unique. 32 € + 4,50 € de frais de port.
Expédié sous 3 jours. Pour commander, écrivez-nous.
```

Mzere woyamba ukunena chinthucho, kumene chapangidwira ndi amene apanga. Mawu oti ma mère et moi, mayi anga ndi ine, akukwana kufotokoza kuti ndi ntchito ya banja, osafunikanso ndime yonse ya mbiri. Mzere wachiwiri ukuyankha zimene mayi wachikulire wa pamsika uja akanafunsa atagwira chikwamacho: nsalu yanji, chili ndi nsalu yamkati kodi, thumba lilipo, n'chachikulu bwanji. Pièce unique mulembe pokhapokha ngati chilidi chimodzi. Mukasoka zisanu zofanana, mawu ake ndi petite série. Onaninso kalembedwe ka ndalama: chizindikiro cha yuro chimabwera pambuyo pa nambala, ndipo masenti amalekanitsidwa ndi koma, osati kadontho. Kulemba €4.50 kumaoneka kachilendo msanga kuposa kulakwitsa le ndi la.

Ndalemba écrivez-nous, osati écris-moi. Pa Instagram achinyamata ambiri amalankhula ndi ogula ndi tu, koma ife tinakulira m'chinenero chimene wamkulu sumamuti iwe, ndiye vous sativuta, ndipo palibe amene anakwiyapo chifukwa chopatsidwa ulemu. Chofunika n'kusasakaniza awiriwa m'chilengezo chimodzi. Mukafuna kuikamo liwu la Chichewa, monga chitenje, ikani, n'lokongola, koma tanthauzo lake la Chifalansa likhale pambali, popeza lamulo la 1994 lotchedwa loi Toubon limafuna kuti malonda olengezedwa kwa anthu a m'dzikoli amveke m'Chifalansa.

Mudzafunsidwa ngati munthu angabweze katundu. Wogula patali ali ndi masiku 14 kuchokera pomwe walandira oti asinthe maganizo, ndipo simungawakane polemba kuti ni repris ni échangé, kutanthauza kuti katundu sabwezedwa kapena kusinthidwa. Chosiyana ndi chinthu chosokedwa mwapadera pa pempho lake, monga epuloni yopetedwa dzina la mwana wake. Chimenecho sichibwezedwa chifukwa chongosintha maganizo, koma muzimuuziratu asanalipire.

Nthawi yolengeza nayo muiwerengere pa kalendala ya kuno. Tsiku la anakubala kwathu ndi pa 15 Okutobala, koma kuno Fête des mères imakhala Lamulungu lomaliza la Meyi, kapena loyamba la Juni ikagundana ndi Pentekoste. Maepuloni athu ambiri amapita masabata atatu tsikulo lisanafike, ndiponso kuyambira pakati pa Novembala. Mu Ogasiti anthu amakhala ali kutchuthi, ndiye ife mwezi umenewo timangodula nsalu ndi kusoka za Khirisimasi.

Chilengezo chakale chija musachifufute chonse, zithunzi n'zabwino. Lowani pa Modifier, chotsani artisanales, chotsani prix en MP, ikani muyeso ndi mtengo. Mayi muwapatse moni, ndipo muwafunse maola amene chikwama chimodzi chimawatengera musanalembe 32 € yangayo, chifukwa mwina chawo chikuyenera kuposa pamenepo.