Nyimbo ya TRACK07.MID ndi ya ndani?

"Abale, ndagula kiyibodi yakale, ndipo mu fulashi yake muli nyimbo yokoma yopanda woyimba, yangolembedwa TRACK07.MID. Shazam yakana kuizindikira. Ndingadziwe bwanji mwini wake?"

Achimwene, Shazam isiyeni, mungotha bando. Iyo imafananiza zomwe yamva ndi nyimbo yeniyeni yojambulidwa mu situdiyo. Mu MIDI mulibe mawu ojambulidwa, muli malangizo okha ouza kiyibodi manotsi oti ilize, ndiye zomwe zikutulukazo Shazam sinazimvepo.

Yambani ndi fayilo yomweyo. Itsegulireni mu Notepad pa kompyuta. Muona zilembo zosokonekera, musadandaule, bola musasindikize Save, mungaiwononge. Poyambirira payenera kulembedwa MThd. Kenako dinani Ctrl+F mufufuze @T. Mafayilo ambiri a karaoke, makamaka othera ndi .kar, amasunga mutu pamenepo: @T yoyamba kawirikawiri ndi dzina la nyimbo, yachiwiri ndi woyimba. Dzina lomwe lili pafupi ndi Copyright musathamangire kulikhulupirira, nthawi zambiri limakhala la amene anakonza MIDI-yo, osati wopeka nyimbo.

Ngati @T palibe koma mukuona tizidutswa ta mawu tobalalika, amenewo ndi mawu a nyimbo odulidwadulidwa kuti aziyenda ndi kayimbidwe. Mu Notepad ndi ovuta kuwerenga, choncho tsegulani fayiloyo mu vanBasco's Karaoke Player iwalumikize, mukopere mzere umodzi wa kolasi n'kuufufuza pa Google.

Zikakanika zonsezi, fufuzani ndi chuni. Pa MIDI zida zimagawidwa m'mizere yotchedwa matchanelo: ng'oma zimakhala pa tchanelo 10, ndipo okonza karaoke ambiri amaika chuni cha woyimba pa tchanelo 4, nthawi zina atachitsitsa mpaka osamveka. Pa kiyibodi yanuyo zimitsani matchanelo ena onse, mukweze 4. Mukamva chida chimodzi chikuliza notsi imodziimodzi, n'kumapumira ngati munthu, ndi chomwecho. Mverani kolasi mpaka muigwire, tsegulani Google pa foni, dinani kamaikolofoni, musankhe Search a song, ndipo mung'ung'udze masekondi 10 mpaka 15. Njirayi imatsata kukwera ndi kutsika kwa chuni, moti ngakhale wokonza anasintha kiyi kapena liwiro, ingathe kuipeza. Ibweretsa nyimbo zingapo, mumvere iliyonse n'kuyerekeza poyambira pake ndi fayilo yanu.

Vuto lenileni ndi pamene chuni chinachotsedweratu, n'kutsala ng'oma, besi ndi makodi. Makodi ngati C, G, Am, F ali m'nyimbo zambirimbiri, sangakuuzeni kanthu. Apo dalirani kachidutswa ka gitala kapena lipenga koyambira nyimbo, chifukwa okonza amakakopera ndendende. Ng'ung'udzani kameneko.

Ndipo ngati ili yakwathu kuno, kaya ya kwaya kaya ya bandi yakale, Google kawirikawiri imasowa chonena. Jambulani masekondi 30 a poyambira ndi kolasi muponye m'gulu muno, mutiuzenso ngati mwini kiyibodiyo ankayimba kutchalitchi kapena m'maukwati.