Kompyuta ikamaiwala tsiku, musaifomate

"Achimwene, ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi fotokope kuno ku Ulongwe. Madzulo ndimazimitsa kompyuta n'kuzula pulagi, m'mawa ndimapeza tsiku labwerera ku 2012. Mnyamata wina akuti ndi vairasi, aifomate. Ndimupatse?"

Achemwali, musamupatse. Si vairasi ayi, ndi kabatire ka wotchi ya m'kati mwa kompyuta kamene katha. Mawu oti "aifomate" andikumbutsa zimene zinachitikira malume anga ku Mowatize, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Iwo ankalemba malisiti a chigayo chawo pa kompyuta yakale ya patebulo. Ikamayaka inkaima pa mawu oti `CMOS checksum error`, n'kudikira kuti munthu adine F1. Malisiti ankatuluka ndi tsiku lolakwika, ndipo intaneti inkakana kutsegula masamba, chifukwa tsamba lotetezedwa limayerekeza satifiketi yake ndi tsiku la kompyuta yanu. Kunabwera katswiri wina wachikwama chodzaza zingwe. Anafufuta zonse, kuphatikizapo kaundula wa anthu angongole, n'kulandira ndalama zake. Kutacha, uthenga uja unali pomwepo. Atamuitananso anati mazabodi, bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta, yapsa, agule ina. Malume anatsala pang'ono kugulitsa mbuzi.

Ine ndimati munthu wofomata kompyuta asanaitsegule n'kuona m'kati si mmisiri. Uthenga umenewu umabwera Windows isanayambe n'komwe, ndiye kufufuta Windows kungathandize chiyani? Ena sadziwa, ena amadziwa bwinobwino koma kabatire kalibe phindu, pomwe kufomata kumalipiritsa.

Pa mazabodi pali kawotchi kamene sikayenera kuima ngakhale kompyuta itazima, komanso kamalo kosunga zimene munasankha mu BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanayambe. Pulagi ikakhala pakhoma, ngakhale mwazimitsa kompyuta, bokosi la magetsi la m'kati limapitiriza kupereka mavoti 5 a chidikire, ndipo kawotchi kamadya pamenepo. Mukazula pulagi, katundu yense amagwera kabatire kozungulira ngati kobiri, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Kakatha, wotchi imaima, ndipo m'mawa imayambira pa tsiku limene anaikamo kufakitale.

N'chifukwa chake makompyuta akwathu kuno amavutika kwambiri ndi zimenezi. Ambiri tinawagula ogwirapo kale ntchito kunja, atakhala miyezi m'makatoni kabatire kakungodyeka. Kenako ife timazula pulagi usiku uliwonse. Sindikuti musiye. Amene anaonapo ziphaliwali za ku Angoniya mu Januwale sangakuuzeni kuti musiye chingwe pakhoma. Kuli bwino kugula kabatire pakatha zaka zingapo kusiyana ndi kugula kompyuta. Ndipo anzathu a mumzinda wa Tete, kutentha kwanu kuja nako kumafupikitsa moyo wa batire, makamaka zija zoyalidwa padzuwa pamsika. Muzigula yomata m'pepala lake, m'shopu ya mawotchi kapena ya zamagetsi.

Chinthu china choti muyambe mwaona: ngati tsiku lili bwino koma nthawi ikuphonya ndi maola athunthu, monga awiri ndendende, batire ilibe mlandu. Pamenepo ndi dera la nthawi. Mu Windows sankhani `(UTC+02:00) Harare, Pretoria`, ndiyo nthawi yathu ku Mozambiki.

Kusintha kwake

Musanachotse kanthu, yatsani kompyuta n'kulowa mu BIOS. Kawirikawiri ndi Del kapena F2, pa HP ndi F10. Jambulani masamba ake ndi foni, makamaka pamene palembedwa SATA, muone ngati pali AHCI, IDE kapena RAID. Zimenezi zikasintha, Windows imatha kukana kuyamba n'kuonetsa `INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE`, ndipo m'pamene anthu amaganiza kuti aononga zinthu, chonsecho n'kungobwezera mmene zinalili.

Zimitsani, zulani chingwe kumbuyo, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe. Tsegulani chitseko cham'mbali ndipo mugwire chitsulo cha bokosi musanakhudze za m'kati. Kabatire kamagwidwa ndi kachitsulo kakang'ono m'mbali. Mukakankhira kachitsuloko kunja ndi chikhadabo, kabatire kamadumpha kokha. Osatokosa ndi mpeni, chogwirira chake chimathyoka msanga. Katsopano kalowe mbali ya + ikuyang'ana kwa inu. Akakupatsani CR2025 kanani: n'kofanana kukula koma n'kopyapyala, mamilimita 2.5 m'malo mwa 3.2, ndiye kamakhwepa.

Tsekani, yatsani, lowaninso mu BIOS, ikani tsiku ndi nthawi, bwezerani zija munajambula, n'kusunga. Madzulo zulani pulagi monga mwa masiku onse. M'mawa tsiku likakhala kuti labwereranso ku 2012, pezani wa mita yoyezera mavoti ayeze kabatire katsopanoko, kazionetsa mavoti 3 kapena kupitirira pang'ono. Kakakhala kabwino, onani ngati tizitsulo ta chogwirira tachita dzimbiri kapena tapindika, n'kutipukuta.