Nambala yoyamba ija ndiye mwini nkhani

"Abale, ndinatumiza mametikali 7,500 kuchoka ku banki kupita pa foni ya amayi ku Domwe. Ku akaunti zinachoka, koma kwa amayi sizinafike. Ndapita katatu ku banki, ulendo uliwonse akungondipatsa nambala yatsopano ati ndidikire. Nditani?"

Achimwene, nambala zitatuzo ndiye pagona vuto. Wa pa kauntala akakulemberani dandaulo latsopano, mu kompyuta mwawo zimaoneka ngati mwabwera lero koyamba, masiku odikira n'kuyambanso. Nthawi zina lakale lija amalitseka ngati lobwereza, ndiye wamkulu akayang'ana sapeza chomwe chachedwa.

Ine zinandionekera chaka chatha ndi ndalama ya mbatata. Ndinayenda maulendo anayi kuchoka ku Tsangano, ya transipoti kungothera m'njira, mpaka mayi wina wogwira momwemo anandinong'oneza kuti, "Bambo, musamafotokoze nkhani, muzitchula nambala."

Musasokoneze nambala ziwiri. Ya mu meseji yotumizira ndalama imaloza ndalamayo. Yomwe anakupatsani mutadandaula imaloza dandaulo. Zonse n'zofunika, koma yotsogola ndi ya dandaulo loyamba, pamodzi ndi tsiku lake.

Pa kauntala pakwana tsopano. Lembani kalata yopita kwa jerente wa nthambiyo, tsamba limodzi basi, m'Chipwitikizi. Pamutu pakhale chonchi, muikepo nambala zanu:

```
Assunto: Reclamação n.º 4471 de 03/03, não resolvida
```

M'munsi mwake mundandalike mwa masiku: pa 3 Malichi ndinadandaula, nambala yakuti, anati ndidikire, pa 12 ndinabweranso, anandipatsa yakuti, pa 24 chimodzimodzi. Kenaka munene poyera kuti ziwiri zinazo si nkhani zatsopano, aziphatikize ku yoyamba. Pomaliza pempho limodzi lokha: ndalama ibwerere ku akaunti, ndipo akuyankheni molemba. Zoti mtsikana wa pa kauntala anakuyang'anani moipa zisiyeni, ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa jerente adzathamangira kupepesa zimenezo, ya amayi n'kuiwalika.

Mupange makope awiri. Ina atenge, inayo akudindireni karimbo, alembepo tsiku ndi kusaina, mubwerere nayo kunyumba. Phatikizani fotokope ya risiti ndi chithunzi cha meseji ija, koma zenizenizo musawasiyire. Akakana kudinda, pemphani buku la madandaulo, mulembemo nambala yomweyo, mujambule tsambalo ndi foni.

Akadzakuimbirani n'kunena kuti atsegula ina, funsani kuti, "Nanga yoyamba ija ili pati, yatsekedwa? Mwalembapo chifukwa chanji?" Yankholo mulilembe, ndi tsiku lake.

Jerente akakhala chete, kalata yomweyo ipite ku likulu la bankiyo, ku ofesi yoona madandaulo, mutaphatikiza kope yodinda ija. Kukakanikanso kumeneko, Banki Yaikulu ya Mozambiki imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, koma kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanuyo, ndiye pepala la karimbo lija musalinyowetse.