Kalata yosiyirana pulojekiti: funsani kaye ndalama zomwe zili kale ndi eni ake

"Zikomo akulu. Ndimagwira ntchito kubungwe lina lomwe si laboma. Mnzanga amene amayang'anira ntchito yomanga buloko ya makalasi awiri pasukulu ina yapulayimale akusiya ntchito kumapeto kwa Seputembala, ndipo abwana andiuza kuti ndipitirize ine. Wandilembera tsamba limodzi lokha. Akuti ntchito yafika pa 70 peresenti, mwa K60 miliyoni mwatsala K21 miliyoni, ndipo zonse zikuyenda bwino. Akufuna ndisainire. Kodi m'kalata yotereyi muyenera kukhala chiyani? Nanga ndisaine?"

Musasaine kaye, achimwene. Sikuti mnzanuyo akukunamizani ayi. Munthu amene akuchoka amalemba zomwe wachita, chifukwa ndi zomwe zili m'mutu mwake. Inu wolandira mukufunika kudziwa zomwe zalonjezedwa koma sizinakwaniritsidwe, chifukwa anthu onse amene akudikira malonjezowo adzagogoda pakhomo panu iye atapita. Kalata yabwino ndi yomwe yatchula malonjezo amenewa limodzilimodzi, mwini wake, mtengo wake ndi tsiku lake.

Tiyambe ndi K21 miliyoni ija, poti ndi pamene ambiri amagwera. Nambala imeneyi nthawi zambiri imachokera kwa akauntanti, ndipo imangotanthauza bajeti kuchotsapo ndalama zomwe zatuluka kale kubanki. Siyikuuzani kuti pa zotsalazo ndi zingati zomwe mwini wake alipo kale, wangotsala kudzatenga. Mupempheni mnzanuyo akhale nanu pansi pamodzi ndi akauntanti, mafayilo ali patebulo, muigawe nambalayo.

Tiyerekeze kuti mwapeza izi. Kontirakitala anamaliza makoma mpaka pa lintala, injiniya anavomereza ntchitoyo, ndipo invoisi ya K6 miliyoni ili mu dirowa kudikira siginecha. Ndalama imeneyo ikuoneka ngati ilipo, koma ndi ya ntchito yomwe yagwiridwa kale. Kenako pali ndalama yachikole, yomwe bungwe limadula pa malipiro aliwonse a kontirakitala n'kusunga mpaka padutse miyezi yoonera ngati nyumba ili ndi zolakwika. Kawirikawiri imakhala 5 kapena 10 peresenti, malinga ndi kontirakiti. Tinene kuti yakwana K2 miliyoni. Imakhala mu akaunti ya bungwe, koma si yanu. Palinso oda ya malata ndi matabwa a denga ya K5 miliyoni, yomwe inaperekedwa kusitolo koma katundu sanabwere ndipo sanalipiridwe. Ndiye pali china chomwe simungachipeze m'fayilo iliyonse: pokumba maziko anapeza dothi la makande, ndipo mnzanuyo anauza kontirakitala pakamwa kuti akumbe mozama ndi kuwonjezera konkire, za ndalama adzaona. Kontirakitala akuwerengera K4 miliyoni.

Mukaphatikiza zinayi zimenezi zikukwana K17 miliyoni. Ndalama yomwe mungapangire chiganizo chatsopano ndi K4 miliyoni basi. Tsopano werengani ntchito yotsala pa mitengo ya lero: amisiri okhoma denga, pulasitala, simenti yapansi, zitseko, mawindo, penti, mabolodi. Ngati zikukwana K13 miliyoni, ndiye kuti pulojekiti yomwe "ikuyenda bwino" ikupereweratu K9 miliyoni. Mukasaina tsamba limodzi lija, m'miyezi itatu abwana adzakufunsani inuyo kuti ndalama zapita kuti, ndipo pepala lomwe munasainira lidzakhala likunena kuti munalandira zonse zili bwino.

Ndanena kuti mitengo ya lero mwadala. Bajeti imalembedwa miyezi yambiri ntchito isanayambe, nthawi zina chaka chathunthu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti omwe analembedwa tsikulo lisanafike anasiya kugwirizana ndi mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo. Choncho kalata itchule mwezi womwe bajeti inalembedwa, ndipo inu mutenge makoteshoni atsopano a zinthu zazikulu zomwe sizinagulidwe. Onaninso ngati kontirakiti ikulola kontirakitala kukweza mtengo zinthu zikakwera. Ngati analandira adivansi poyamba, kalata inene kuti inali zingati, zabwezedwa zingati pa malipiro apitawo, ndipo pepala lakubanki kapena la inshuwalansi lomwe anaikira chikole likutha liti. Pepala limeneli likatha mphamvu adivansi isanabwezedwe yonse, kontirakitala akathawa mulibe pogwira. Funsaninso akauntanti ngati msonkho womwe unadulidwa pa malipiro a kontirakitala unapitadi ku MRA ndipo iye anapatsidwa umboni wake, chifukwa nkhani imeneyi imakonda kutulukira mochedwa.

Za 70 peresenti, funso ndi limodzi: 70 peresenti ya chiyani? Ena amawerengera ndalama zomwe zatuluka, ena miyezi yomwe yadutsa, ena amangoyang'ana ndi maso n'kuona kuti makoma aima. Makoma amanyenga, chifukwa amakwera msanga ndipo amaonekera patali, pomwe ntchito yomalizitsa imadya nthawi ndi ndalama zambiri. M'malo mwa peresenti, kalata itsate mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake womwe uli kumapeto kwa kontirakiti, mzere ndi mzere. Pa mzere uliwonse alembe ngati ntchitoyo yatha ndipo injiniya wavomereza, yatha koma sinavomerezedwe, yayambika, kapena sinayambike. Kusiyana kwa ziwiri zoyambazo n'kofunika kwambiri. Ntchito yomwe sinavomerezedwe ikhoza kugumulidwa.

Zimenezi sizitsimikizidwa muli mu ofesi. Pitani kumalo a ntchito inu, mnzanuyo, injiniya ndi folomani wa kontirakitala, tsiku limodzi, aliyense ataona mnzake. Tengani tepi yoyezera ndi pulani. Yezani mulitali ndi mulifupi mwa zipinda, onani ngati mipata ya mawindo ikugwirizana ndi pulani, yang'anani ming'alu m'makona ndi pamwamba pa zitseko. Lowani mosungira katundu muwerenge matumba a simenti nokha, muyerekeze ndi zomwe zalembedwa m'buku la katundu. Gwirani matumba apansi ndi apakhoma. Simenti yokhalitsa kapena yokoka chinyezi imachita zibuma, ndipo ngati chibuma sichikuphwanyika mukachifinya ndi zala, thumba limenelo musaliwerengere ngakhale lili m'buku. Jambulani zithunzi za mbali zonse tsiku lomwelo, muziike m'kalata. Mawa khoma likang'ambika, zithunzizo ndi zomwe zidzanene ngati mng'aluwo munaupeza kapena wabwera inu mutalowa.

Mukakhala komweko, pezani mpata wocheza ndi kontirakitala, aphunzitsi aakulu ndi a komiti ya sukulu, aliyense payekha. Funso lake ndi lofanana: pali chomwe bungwe lathu linakulonjezani chomwe simunalandire? Pamenepa ndi pamene nkhani ngati ya maziko ija imatulukira. Mwina a komiti adzakuuzani kuti amayi otunga madzi anauzidwa kuti adzalandira kangachepe, kapena kuti mchenga amatuta ndi anthu a m'mudzi pamgwirizano wakuti bungwe lidzamanganso zimbudzi. Mwina amfumu anauzidwa kuti anyamata a m'mudzi ndi amene adzalembedwe ganyu. Musavomere kapena kukana pomwepo. Lembani, mubwere nazo kwa mnzanuyo asanachoke, ayankhe chimodzichimodzi kuti izi ndinalonjezadi, izi tinangokambirana, izi sindikuzidziwa. Akachoka zidzakhala mawu a munthu mmodzi, ndipo anthu a m'mudzi sasiyanitsa manijala wakale ndi watsopano. Kwa iwo linalonjeza ndi bungwe.

Malonjezo omwe avomereza ayenera kulembedwa moyenera iye akadalipo. Ntchito yowonjezera ya maziko ija iyezedwe ndi injiniya, mtengo ugwirizanidwe, ndipo amene ali ndi mphamvu yovomereza ndalama kubungwe kwanu asaine. Muuzenso mnzanuyo akutumizireni mauthenga a pa WhatsApp omwe ankalemberana ndi kontirakitala okhudza kusintha kwa ntchito. Zambiri zomwe zimadzakhala milandu zimakhala m'foni ya munthu amene wapita.

Gawo lina la kalata ndi la masiku. Pakhale tsiku lomwe kontirakiti ikutha, tsiku lomwe mgwirizano ndi opereka ndalama ukutha, ndi masiku otumizira malipoti. Awiri oyambawo si amodzi, ndipo ndalama yogwiritsidwa ntchito mgwirizano utatha opereka ndalama ambiri amaikana. Ngati mukuona kuti simumaliza, kupempha nthawi yowonjezera kumachitika mgwirizano usanathe, ndipo kalata inene ngati wina anapempha kale. Kwa inu palinso tsiku lomwe silili pa pepala lililonse. Mukulandira ntchito kumayambiriro kwa Okutobala, mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo nyumba ilibe denga. Ngati msewu wopita kusukuluko ndi wafumbi, lole ya malata iyenera kufika mvula isanagwe. Pa K4 miliyoni yotsala ija, amisiri a denga ndi oyamba, penti idikire.

Zotsalazo ndi zachidule koma musazidumphe: makiyi a mosungira katundu, fayilo ya kontirakiti yoyambirira yosainidwa, mapulani omaliza omwe amisiri akugwiritsa ntchito, buku la pamalo a ntchito, ndi ndalama iliyonse yomwe mnzanuyo anatenga ya ulendo kapena yogulira tinthu koma sanabweze malisiti. Mafayilo a pakompyuta asamutsidwire pamalo a bungwe imelo yake isanatsekedwe. Ngati ndi mmodzi mwa osainira kubanki, yambani lero kusintha dzina, chifukwa mabanki amafuna makalata ndipo zimatenga nthawi, pamene kontirakitala akudikira K6 miliyoni yake. Abwana alembenso kalata kwa kontirakitala, kusukulu ndi kukhonsolo ya boma kuwadziwitsa kuti kuyambira tsiku lakutilakuti malangizo azichokera kwa inu.

Zonsezi zimakwana masamba anayi kapena asanu, kuphatikiza tebulo la ndalama ndi zithunzi. Musadikire kuti mnzanuyo alembe yekha, maganizo ake ali kale kuntchito yatsopano. Lembani inuyo mitu ndi mafunso, iye azidzaza mukukambirana. Yambani sabata ziwiri asanachoke kuti pakhale nthawi yopita kumalo a ntchito ndi kubwerera ndi mafunso.

Posaina, pakhale masiginecha atatu: wopereka, wolandira ndi abwana. Pamwamba pa siginecha yanu lembani tsiku lomwe mukuyamba kuyankha za pulojekitiyi, ndipo musiyanitse zomwe mwaziona ndi maso anu ndi zomwe mwangouzidwa. Ngati mnzanuyo wakana kuwonjezera kanthu, kapena nthawi yatha, musakangane naye. Lembani nokha zomwe mwapeza, kuphatikizapo kuperewera kwa ndalama kuja ndi mawerengedwe ake, mutumize kwa abwana pa imelo sabata yoyamba isanathe, ndipo muwapemphe ayankhe kuti ndalama yoperewerayo ichokera kuti kapena ndi ntchito iti yomwe ichotsedwe.