Opaleshoni yanga ndi yachinsinsi, abwana ndiwauze chiyani?

"Achemwali, ndimagwira ntchito yoyala m'zipinda pa loji ina kunyanja kuno ku Mangochi, chaka chachitatu tsopano. Mwezi wamawa akandichita opaleshoni ya zotupa za m'chiberekero ku Zomba Central. Manijala wathu ndi bambo, ndipo kuntchito kwathu nkhani sizigona. Ndinene zingati popempha tchuthi?"

Pepani ndi matendawo, achemwali. Abwana anu auzeni zinthu zimene zikukhudza ntchito basi: tsiku lochoka, tsiku lobwerera, ndi zimene simudzatha kuchita mukangobwera. Dzina la chiwalo silikuwathandiza kukonza ndandanda ya ogwira ntchito.

Lamulo la zantchito la 2000 limati amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata anayi pa malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Ndiye adokotala akakupatsani masabata asanu ndi limodzi, zomwe si zachilendo munthu akang'ambidwa pamimba, awiri omalizirawo mutha kulandira theka. Konzekeranitu m'thumba.

Pamene chinsinsi chimathawira kwenikweni ndi pa kalata ya adokotala. Lamulo lomwelo limalola abwana kukana tchuthi ngati palibe kalata ya dokotala wovomerezeka yonena mtundu wa vuto ndi nthawi imene simugwira ntchito. Choncho kalatayo simungaizembe. Koma asanayambe kulemba, auzeni adokotala kuti ikupita kuntchito, ndipo apempheni alembe mwachidule kuti mwachitidwa opaleshoni ya pamimba, mupume mpaka tsiku lakuti, musanyamule zolemera. Mukakhala chete, ena amangolemba dzina lonse la nthenda monga azolowera, n'kudinda chidindo.

Ndipo chonde, buku lanu la kuchipatala musalipereke. Ine ndinalakwitsapo kumene ndinkagwira kale. Anandifunsa umboni, ndinangotulutsa kabuku konse m'chikwama, kakasiyidwa pa tebulo la akalaliki tsiku lonse. Mmenemo munali zonse, mpaka za kulera. Pofika nthawi ya nkhomaliro, anthu anali akundiyang'ana mwachisoni.

Kalata yanu ikhoza kukhala yotere: "Bwana, ndikupempha tchuthi cha matenda kuyambira Lolemba pa 3 mwezi wamawa, kwa masabata asanu ndi limodzi, chifukwa cha opaleshoni imene adokotala akonza. Kalata yawo ndidzapereka. Ndikabwera sindidzatha kunyamula matiresi ndi ndowa kwa kanthawi. Ndikupempha kuti nkhaniyi ithere mu ofesi mwanu." Jambulani pa foni musanapereke.

Akafunsa kuti, "Kodi ndi chiyani makamaka?" ingoyankhani mwaulemu kuti, "Ndi za amayi, bwana, adokotala akuziona." Abambo ambiri amasiyira pomwepo. Bodza la maliro a kumudzi lokha ayi. Masabata asanu ndi limodzi simungawabise m'maliro, komanso Zomba si kutali, wina wa kuntchito akhoza kukupezani mu wodi atabwera kudzazonda m'bale wake.