Kukana ntchito ubale osatha

"Abale, kampani ina ya ku Msasa muno mu Harare yanditumizira kalata yonditenga ntchito yowerengera ndalama, kontirakiti ya miyezi 6. Koma ndavomera kale ntchito yokhazikika ku Workington. Amene anandilankhulira ku Msasako ndi malume anga. Ndikane bwanji kuti tsiku lina adzathe kunditenganso?"

Achimwene, poyamba pitani kwa amalumewo. Musawatumizire uthenga wa pa foni, kaonaneni nawo, kapena muwaimbire lero lomwe. Iwo anaika dzina lawo pa inu, ndipo akamva kwa abwana awo kuti mphwawo wakana, manyazi agwera iwo. Auzeni zimene mwasankha ndi chifukwa chake, koma musawatume kuti akakukanireni. Kalata inabwera m'dzina lanu, ndiye yankho lichokere pakamwa panu.

Kenako musachedwe. Ine ndakhala zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito muno mu Harare, ndipo chimene chinkatipweteka sichinali kukanidwa ayi, chinali kudikiritsidwa. Tikasankha munthu, wachiwiri wake pa intavyu sitimuuza kuti walephera, timayamba tadikira yankho lanu. Mukakana pasanathe masiku awiri, timangomuimbira wachiwiriyo nkhani n'kutha. Mukakhala chete milungu iwiri, iye amakhala atapeza kwina, ife n'kuyambiranso kulengeza ntchito ndi kuitana anthu. Mnyamata wina anatichita zimenezi: foni osayankha, tsiku loyamba ntchito osaoneka. Patapita chaka kalata yake inabweranso, ndipo palibe anafuna ngakhale kuitsegula.

Imbirani munthu amene anasaina kalatayo, nthawi ya ntchito, m'mawa asanatanganidwe. Mphindi zitatu zikwana. Mukatha, tumizani imelo tsiku lomwelo, poyankha pa imelo yomwe anakutumizirani kalata ija, kuti zonse zikhale pamodzi mu failo yanu. Mwina mulemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale ngati izi:

"Zikomo kwambiri chifukwa chondisankha pa ntchito yowerengera ndalama, komanso chifukwa cha nthawi imene munandipatsa pa intavyu. Nditaganizira bwino, sinditha kuilandira, chifukwa ndavomera ntchito yokhazikika kwina. Ndinakondwa kumva za mmene mukusinthira kasungidwe ka mabuku anu a ndalama, ndipo ntchito yokhazikika ikadzapezeka m'dipatimenti yanu ndidzakonda kupemphanso. Chonde sungani mapepala anga."

Onani kuti mawu okana ali poyera. Ife Achewa timakonda kuzungulira pofuna kulemekeza, "ndiona kaye", "mwina panopa zivuta", koma mu ofesi mawu otere amamveka ngati mukufuna akuwonjezereni malipiro. Chifukwa chake chikhale chimodzi, ndipo chikhale choona. Chanu n'chabwino kale, palibe bwana amene angadabwe kuti munthu wasankha ntchito yokhazikika kusiya ya miyezi 6. Musaphatikizepo za makombi awiri opita ku Msasa, kapena zoti gawo lina la malipiro linali la ndalama ya muno ya ZiG pomwe inu mumafuna madola, chifukwa mukatero mwayamba kudandaula. Ndipo musanamizire matenda kapena ulendo wa ku Malawi. Sakumana ndi mapiri. Owerengera ndalama a muno mumakumana pa mizere ya ku ofesi ya misonkho ya ZIMRA ndi ya penshoni ya NSSA, ndipo wina adzakuonani muli bwinobwino ndi mafailo a kampani ina.

Chiganizo chachitatu chija ndicho chimagwira ntchito imene mukufunayo. "Tidzaonana mtsogolo" aliyense amalemba, sitikumbukira. Koma mukatchula chinthu chenicheni chimene munakambirana pa intavyu, ndi mtundu wa ntchito imene mungailandire, ndiye kuti mwandiuza nthawi yoti ndidzakuimbireni.

Akhoza kukufunsani pa foni kuti, "Nanga tikawonjezera ndalama?" Konzekerani yankho musanaimbe. Ngati mwatsimikiza, nenani mwaulemu kuti nkhani si ndalama ndipo munapereka kale mawu anu kwina. Mukayamba kukambirana mtengo kenako n'kukananso, adzaona ngati munkangowayesa.

Zonsezi ndikunena poganiza kuti ku Msasako simunasaine kanthu. Ngati munasaina, imeneyo si nkhani yokana chabe, mwalowa kale m'pangano, ndipo lamulo la ntchito la muno, Labour Act, limaika nthawi ya notisi molingana ndi kutalika kwa kontirakiti. Werengani ndime ya notisi, kaonaneni nawo maso ndi maso, muwapemphe akumasuleni polemba. Komanso musakane ku Msasa muli ndi lonjezo la pakamwa lokha la ku Workington. Kalata yosainidwa ikhale m'manja mwanu kaye.

Pakatha miyezi 6 kapena chaka, mutumizireni munthu uja moni wachidule, mumuuze kumene muli ndi zimene mwaphunzira, monga mayeso a ACCA ngati mwakhoza ena. Musapemphe kanthu mu uthenga umenewo. Nambala yake isungeni lero ndi dzina la kampani, kuti akadzaimba musadzafunse kuti "ndani?"