Pepala limodzi loti mapositi anu azimvekabe ngati inu

"Ndimagulitsa zitenje pa Facebook ndipo masiku ano mapositi amandiyambira ndi pulogalamu ya pafoni ija yolemba yokha, ine n'kumangokonza. Ndiye kasitomala wina wandifunsa ngati peji ndinampatsa munthu wina. Chonsecho ndikamakonza ndimaona ngati zili bwinobwino. Nditani kuti zizimvekabe ngati ine?"

Achemwali, vuto lake ndi loti chiganizo chikakhala chopanda cholakwika maso amangochidutsa, saima n'kufunsa ngati inuyo mungachilankhule choncho. Lero mwasiya mawu awiri a pulogalamu, mawa atatu, ikamatha miyezi iwiri peji yonse ikulankhula ngati chikalata cha ku ofesi. Nchifukwa chake zizolowezi zanu zimafunika zikhale papepala, osati m'mutu, chifukwa m'mutumo zimasintha inu osadziwa.

Pitani pansi pa peji yanu mupeze mapositi 10 amene munalemba nokha musanayambe pulogalamuyo, ngakhale mamesegi a pa WhatsApp oyankha makasitomala ndi abwino, mwinanso kuposa. Awerengeni mokweza muli ndi kope pambali, muzilemba chimene chabwerezedwa katatu kapena kupitirira. Chimene chaoneka kamodzi chisiyeni, chinali cha tsiku lomwelo basi.

Apa mpomwe ambiri amaphonya, amalemba kuti "ndimalemba mwansangala komanso mwaulemu". Zimenezo sizingakuthandizeni mukamakonza, pulogalamu nayonso imalemba mwansangala. Mzere uliwonse ukhale ndi mbali ziwiri, chimene mumalemba ndi chimene simulemba, ndi mawu ake enieni. Mwachitsanzo, ndimati "amayi" kapena "asisi", sinditi "makasitomala okondedwa". Ndimati foni, osati lamya. Mtengo ndimalemba K15,000, osati MK15,000. Ndimati inu ngakhale kwa mtsikana wamng'ono, iwe ayi. Tizinthu ta kalembedwenso tilowemo, ngati mumalemba Malawi kapena Malaŵi, ngati mumati "n'kupita" kapena "nkupita", ngati Lolemba mumalitchula Mande. Zimaoneka zazing'ono koma munthu amene wakhala akukuwerengani zaka ziwiri amazimva zikasintha, ngakhale sangathe kuloza kuti chasintha ndi ichi.

Kuseri kwa pepalalo muike mawu amene pulogalamu imakonda koma inu simunawalembepo, monga "ndikofunikira kudziwa kuti", "kuonjezera apo", "pomaliza", ndi chizolowezi chija chondandalika zinthu zitatuzitatu. Zonse zisapitirire mizere 12 kapena 15, pepala likatalika simuliwerenganso.

Tiyeni tiyese. Tinene pulogalamu yakupatsani kuti: "Makasitomala athu okondedwa, ndife okondwa kukudziwitsani kuti talandira zitenje zatsopano, zokongola komanso zolimba. Musaphonye mwayi umenewu!" Choyamba musakhudze sitayilo, onani kaye zoona zake, mtengo ulimo? Mayadi? Mulibe, ndiye muikemo. Kenako mudutse ndi pepala lanu mzere umodziumodzi. "Makasitomala okondedwa" achoke. "Ndife" achokenso poti mumagulitsa nokha ndipo mapositi akale onse amati ine. Zitatu zija, zatsopano zokongola zolimba, musankhepo chimodzi chimene mwachiona ndi maso anu. Zikhoza kutuluka chonchi: "Zafika amayi. Mayadi 6, K15,000, sizisuluka, chimodzi ndachapa ndekha kawiri. Ndiimbireni ndikusungireni." Za kuchapazo mulembe pokhapokha ngati mwachapadi, ndipo pulogalamu singazidziwe, nchifukwa chake chiganizo chimenecho chikumveka kuti ndi cha munthu. Mukamaliza werengani mokweza, pomwe lilime lakodwa pamakhala patsala mawu a eni ake, kapena kagwirizanidwe kolakwika ngati "chitenje yatsopano" kamene mapulogalamuwa amachita nthawi zina m'Chichewa.

Mukhozanso kukopera pepalalo n'kuipatsa pulogalamuyo isanalembe, zimachepetsako ntchito, koma samalani chifukwa imakokomeza. Ine nditaika kuti ndimakonda kunena "abale inu", dirafuti inabwera ndi "abale inu" m'ndime iliyonse, mpaka ndinamva chisoni kuona mawu amene ndimawasungira pa nkhani yondikhudza mtima atasanduka chokongoletsera. Kuyambira pamenepo ndimalembanso kuchuluka kwake, kamodzi pa positi, ndipo osati positi iliyonse.

Chinthu china chimene ndikupemphani musachinyalanyaze, mapositi 10 akale aja muwasunge padera osawakonza, ndipo mukafuna kuonjezera mzere papepala lanu muziutenga kwa iwowo kapena ku zimene mwalemba nokha kuyambira poyamba, osati ku madirafuti okonzedwa, apo ayi zizolowezi za pulogalamu zilowa m'pepalamo n'kumaoneka ngati zanu. Pakutha pa mwezi tengani positi yaposachedwa ndi imodzi yakale, mumuwerengere mchemwali wanu kapena kasitomala uja anafunsayo osamuuza kuti iyi ndi iti. Akangoloza msanga yatsopanoyo, mufunseni mawu amene amuonetsa, mawu amenewo mukawalembe kuseri kwa pepala.